Masiku anga a livu sanawerengere pa malipiro omaliza, kalata ndilembe bwanji?

Abale ndithandizeni nzeru. Ndagwira zaka ziwiri pa kampani ina ku Kanengo ngati kalaliki wa mu sitolo, kontirakiti yatha mwezi wathawu, ndalama zomaliza zalowa koma pa pepala la malipiro pangolembedwa salale basi, za livu palibe olo mzere umodzi.

Timagwira Lolemba mpaka Loweruka, ndiye malinga ndi lamulo la ntchito la 2000 ndi masiku 18 pachaka, zaka ziwiri 36. Ine ndinapumako 14 okha, mafomu ake ndili nawo osayinidwa ndi abwana, enawo ankangoti dikira kaye katundu wachuluka. Otsala ndi 22. Salale inali K260,000, ndikagawa ndi 26 ikubwera K10,000 patsiku ndiye K220,000, koma akauntanti pafoni akuti iwo amagawa ndi 30 komanso akuti livu ya chaka choyamba inapsa poti sindinatenge. Inapsa bwanji pomwe anandikaniza ndi iwowo? Zandiwawa kwambiri, ndalama imeneyi ndi lendi ya miyezi itatu.

Ndikufuna ndilembe kalata yotsutsa, ndiikemo masamu onsewa ndi makope a mafomu, ina andidindire sitampa ndisunge. Koma ndiwapatse masiku angati oti ayankhe, 7 kapena 14? Nditchulemo kuti akapanda kulipira ndipita ku ofesi ya leba, kapena ziwoneka ngati ndikuwawopseza? Chinanso, ndinasayina pepala loti ndalandira ndalama zomaliza, kodi limeneli lingandigwetse? Amene munadutsamo ndiuzeni chonde.