Fomula yanga ya Excel: zomwe munandifunsa zija

"Ndinangoti fomula yowonkhetsa malonda ikukana. Munandifunsa mayina a makolamu: A ndi tsiku, B dzina la wogulitsa, C ndalama, kuyambira mzere 2. Ndikufuna ndalama zonse za Banda."

Zikomo, achimwene, tsopano tayamba kuona. Yesani:

```
=SUMIF(B2:B200,"Banda",C2:C200)
```

Komabe tiuzeni: powonkhetsa pamanja ndalama za Banda kuyambira mzere 2 mpaka 200 mukupeza zingati? Popanda chiwerengero chimenecho sitingadziwe ngati fomula yalondola.

Ikatulutsa 0, onani kolamu C. Manambala akatsamira kumanzere, nthawi zambiri Excel ikuwatenga ngati mawu, makamaka mukalemba "MK" m'selo momwemo. Lembani =ISNUMBER(C2); ikati FALSE, vuto ndi lomwelo. Mpata wotsalira kumapeto kwa dzina umachititsanso kuti mzerewo usawerengedwe.