Hadinesi wanga wasiyana ndi wa abwana, ndipo buku langa labwezedwa

Tamandani: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili mwezi wachiwiri wophunzira ntchito mu labu yoyeza madzi. Lachiwiri lapitali ndinayeza hadinesi, kutanthauza kuchuluka kwa kashiamu ndi magineziyamu, m'madzi a pamjigo: sampulo ya 50 mL, bafa wa amoniya, indiketa yosintha mtundu ya EBT, ndi mankhwala odontheza ogwira kashiamu ndi magineziyamu otchedwa EDTA, ya m'botolo lolembedwa 0.01 M. Ndinayeza kawiri, konse sampulo inadya 12.4 mL ya EDTA, zomwe zikupereka 248 mg/L. Dzulo abwana abwereza sampulo yomweyo, apeza 11.5 mL, ndiye kuti 230 mg/L. Atatsegula buku langa anangopeza nambala ya sampulo, 12.4 ndi 248 basi. Andibwezera kuti ndifotokoze. Ndiyambire pati?

Mayi Nachisale: Tamandani, usanayambe kufunafuna cholakwa, ndiyankhe moona. Nambala ya 12.4 unailemba m'bukumo uli pa benchi, kapena unachita kukopera?

Tamandani: Ndinakopera, mayi. Magolovesi anali atanyowa ndi bafa, ndiye ndinalemba pa kapepala kopukutira manja, madzulo n'kulowetsa m'buku. Kapepalako ndinataya.

Yamikani: Ine ndikuona ngati unachedwa nayo taitireshoni. Ukathira bafa uyenera kumaliza pasanathe mphindi 5, apo ayi zotsatira zimasokonekera. Zinandichitikirapo ndikuyamba kumene.

Bambo Mbewe: Za mphindi 5 ndi zoona, a Yamikani, koma onani kumene nambala yapendekera. Pa pH 10 imene bafa amabweretsa, kashiamu amayamba kudikha pansi ngati CaCO3, ndipo wodikhayo EDTA samugwira msanga. Ukachedwa umapeza nambala yotsika. Mnyamatayu wapeza yokwera. Zokweza nambala zimene ndingayambe kuzikayikira ndi ziwiri: kupitirira pothera pamene mtundu umasintha, kapena EDTA yofooka. Tamandani, unaima pa mtundu wanji?

Tamandani: Unachoka pofiira ngati vinyo, n'kukhala wa pepo, kenako dontho limodzi unasanduka buluu wopanda kufiira kulikonse. Pamenepo ndinaima.

Bambo Mbewe: Ndiye diso lako lili bwino, ndipo munthu sapitirira ndi 0.9 mL kawiri konse mofanana ndendende. Amenewo ndi madontho pafupifupi 18. Botolo la EDTA limene unagwiritsa ntchito ndi lomwelo limene anatenga abwana ako?

Tamandani: Pashelefu pali awiri. Lina la galasi lakale, lina la pulasitiki limene anapanga mwezi uno. Ndikuganiza kuti ndinatenga la galasi, poti linali kutsogolo.

Mayi Nachisale: “Ndikuganiza” ameneyo ndiye wachititsa kuti buku libwezedwe. Abwana ako sakukuda ayi. Akufuna tsamba limene munthu wina angawerenge iwe kulibe, n'kudziwa botolo liti, linapangidwa liti, linayesedwa mphamvu liti, byureti iti, ndipo unayambira pati n'kuthera pati. Usamalembe 12.4 yokha. Lemba kuti poyamba 0.2, pomaliza 12.6, kuchotsera kuonekere. Tsiku lina udzalakwitsa kuchotsera, ndipo nambala ziwirizo n'zimene zidzakupulumutse. Muyezo wa ISO/IEC 17025 wa 2017 umanena kuti zimene waona zilembedwe nthawi yomweyo, osati madzulo. Kapepala unataya kaja ndiye kanali umboni weniweni. Za m'bukumo ndi zokopera chabe.

Esinati: Kwathu kuchipatala vuto ngati limeneli limakhala la kusinthanitsa masampulo. Waonetsetsa kuti chizindikiro cha pabotolo ndi chomwecho? Ife timalemba dzina ndi nambala pamaso pa wodwala.

Tamandani: Sampulo ya pamjigo inali imodzi yokha tsiku limenelo, achemwali. Zinazo zinali za pampopi.

Bambo Mbewe: Chita izi mawa m'mawa, abwana ako akudziwa. Tenga sitandadi ya kashiamu imene 1 mL ili ndi 1 mg ya CaCO3. Yeza 25 mL ndi pipeti, onjezera madzi a distilidi mpaka 50 mL, thira bafa ndi indiketa, uyeze ndi botolo lililonse katatu. EDTA yoona ya 0.01 M idya pafupifupi 25 mL. Ngati la galasilo ndi limene lakusokoneza, lidya cha m'ma 27. Kenako uwerengere chonchi:

```
B = mg CaCO3 / mL EDTA
mg/L CaCO3 = mL EDTA x B x 1000 / mL sampulo
```

Iwe unatenga B ngati 1 chifukwa cha zolembedwa pabotolo, usanayese.

Tamandani: Ndabwerako. La pulasitiki ladya 25.0, 25.1, 25.0. La galasi 26.9, 26.8, 26.9. Ndiye B wa la galasi ndi pafupifupi 0.93, ndipo ndikachulukitsa 248 ndi 0.93 ndikupeza pafupifupi 231. Mtima wakhala pansi! Ndifute 248 uja ndi tipekisi n'kulembapo 231?

Mayi Nachisale: Ayi ndithu, tipekisi asayandikire buku limenelo. Dula 248 ndi mzere umodzi woti aziwerengekabe, lemba tsiku la lero, zilembo zoyamba za dzina lako, ndi chifukwa: “EDTA sinayesedwe mphamvu, onani tsamba lakutilakuti.” Zoyesa za lero zikhale pa tsamba la lero. Usabwerere pa Lachiwiri kukawonjezera nambala ya botolo ngati kuti unailemba tsiku lomwelo. Lemba lero kuti ukukumbukira kuti linali la galasi koma sunalembe. Ndipo ine 231 sindingamutumize kwa mwini mjigo. Apite 230 wa abwana, amene botolo lake likudziwika.

Yamikani: Koma bwanji osangokonza ndi 0.93 zotsatira zonse zimene zinayezedwa ndi botolo limenelo? Masampulo ena anatayidwa kale.

Bambo Mbewe: B wa lero sakutiuza mphamvu ya botololo miyezi iwiri yapitayo. Mwina linafooka pang'onopang'ono, poti galasi wamba amatulutsa tizitsulo timene EDTA imagwira, n'chifukwa chake timaisunga mu pulasitiki. Mwinanso anaipanga yofooka kuyambira tsiku loyamba. Kufooka kochuluka chonchi ine ndikukayikira wopanga kuposa galasi. Zimenezo agamule woyang'anira ubwino wa ntchito, akaona ngati alipo analemba zoyesa zakale.

Mayi Nachisale: Ndibwerere ku magolovesi onyowa aja, chifukwa andivutitsa maganizo usiku wonse. Ananyowa bwanji ndi bafa?

Tamandani: Magetsi anazima, fani ya kabati yokoka mpweya inaima. Ndinatulutsa botolo n'kuthira pa benchi pafupi ndi zenera, mwachangu chifukwa fungo linkalasa m'mphuno, ndiye anatayikira. Magalasi oteteza maso ndinali nditawakweza pamphumi poti ankachita nthunzi.

Mayi Nachisale: Mwana wanga, izi zandiopsa kuposa nambala ija. Bafa ameneyo amapangidwa ndi amoniya wamphamvu, ndipo akadonthera m'diso amalowa msanga n'kuwononga. Fani ikaima, tseka botolo, tsitsa galasi la kabati, ukauze abwana. Sampulo ya hadinesi ikhoza kudikira magetsi. Bafa akakulowa m'maso, tsuka ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, zikope zili chotsegula, kenako kuchipatala. Lero lomwe ukatsegule mpopi wotsukira maso uone ngati ukutulutsa madzi. Ndinagwirapo ntchito pena pamene tinaupeza wouma tsiku limene unafunika, ndipo tinamutsuka mnzathu ndi ndowa uku akulira. Kutayika kwa bafako kalembenso m'buku la ngozi ngakhale sunavulale.

Esinati: Nanga buku lizikhala pati? Kwathu saloleza pepala pa benchi ya masampulo.

Bambo Mbewe: Ine ndimaliika kumapeto kwa benchi pamalo ouma, ndi bolopeni imene situluka mu labu. Ndimavula golovesi la kumanja, n'kulemba, n'kuvala latsopano.

Yamikani: Kwathu magolovesi amatipatsa mochita kuwerenga. Kuvula pa nambala iliyonse sabata singathe. Timagwira awiriawiri, wina akuwerenga byureti mokweza, wina akulemba n'kubwereza nambalayo.

Tamandani: Ine ndimakhala ndekha masana ambiri. Ndikafunsa ngati angandipatse fomu yosainidwa yoti izikhala pa benchi, n'kumaimata m'buku ikadzaza. Botolo la galasi talimata chizindikiro choti lisagwiritsidwe ntchito. Abwana akufufuza m'mabuku a anzanga awiri amene analipo ine ndisanabwere, ndipo mpaka pano sanapeze tsamba lotchula botolo.