Kodi mphete ingakhale chikole?

Mlongo wake: Anzanga tandithandizeni. Mlongo wanga ndi bwenzi lake aika chithunzi Loweruka ali kunyanja, mphete ili ng'aning'ani pachala, nalemba kuti: "Walola! Chikole chalowa pachala, chinkhoswe chatheka. Kondwerani nafe!" Anthu akuwafunira mafuno abwino, mwadzidzidzi azakhali athu alemba pansi pomwepo: "Takondwa ana anga, koma chimenecho si chikole, ndipo chinkhoswe ife sitinachione." Mwana wafufuta chithunzi, sakudya. Ine chikole chomwe ndimachidziwa n'cha ngongole. Azakhali akutanthauza chiyani?

Mdzukulu wa ku Dedza: Mwandikumbutsa agogo anga. Anali ndi kampango kakale kamene ankakasunga pansi pa sutikesi, kothetheka kale m'mbali, koma ukangokagwira umamva mawu. Amati agogo aamuna anamangamo mikanda ndi kandalama, n'kuwapatsira mchemwali wawo kuti akapereke. Iwo atalandira sanavale mikandayo. Anapita nayo kukuka kwa agogo awo, n'kuiika pamphasa osanena kanthu. Nkhalambayo inangofunsa kuti, "Ngwa kwa yani?" Basi nkhani inayambira pamenepo.

Msodzi wa ku Chia: Musavutike. Chikole chachokera ku kukola. Ukonde ukakola chambo ndiye kuti chambocho chili ndi mwini. Mtsikana walandira mphete, wakoledwa, anyamata ena atalikire. Azakhaliwo angofuna kuvuta.

Wa banki m'khonde: Kwathu kugulu chikole ndi mbuzi kapena njinga, ukalephera kubweza timagulitsa. Ndiye mnyamatayo wakongola zingati kuti apereke mphete? Mumuuze asamale, zokongola ndalama chifukwa cha ukwati zasautsa ambiri.

Mlongo wake: Ayi amayi, palibe ngongole, mphete anagula ndi ndalama zake.

Mphunzitsi wopuma: Komatu amayi a banki m'khonde sanaphonye kwenikweni. Chikole n'chinthu chimene umasiya m'manja mwa mnzako kuti mawu ako asakhale a pakamwa pokha. Pa ngongole umasiya njinga, pofunsira mbeta umasiya mpango, mikanda kapena ndalama pang'ono. Kukula kwa mtengo sikunali nkhani. Nkhani inali yakuti chikafike kwa akulu. Mtsikana akalola, amakachionetsa kwa agogo kapena kwa wamkulu wina amene amamasuka naye, uthenga n'kufika kwa amalume ake. Mnyamata nayenso amakauza amalume ake, iwowo ndiwo amanyamuka kukaonana ndi amalume a mtsikana. Ulendo woyamba sayankhidwa, amauzidwa kuti "tamva, mubwerenso", chifukwa a kuchikazi amafuna kumufunsa mwana wawo payekha ndi kufufuza khalidwe la kwawo kwa mnyamata. Ndiye funso langa kwa inu achimwene n'lakuti: amalume anu nkhaniyi anaimvera kuti?

Mlongo wake: Pa foni, ngati wina aliyense. Wawaonetsa ndi mwana wawo.

Mphunzitsi wopuma: Apo ndiye pagona mkwiyo wa azakhali. Mphete ilibe mlandu. Ikanayamba yadzera kwa agogo isanafike pa chithunzi, bwenzi akuitchula okha kuti chikole.

Msodzi wa ku Chia: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mwazungulira mtunda wautali kuti mufike pomwe ndaima ine. Kaya amalume adziwa kaya sadziwa, wakoledwa wakoledwa.

Mdzukulu wa ku Dedza: Nanga a Msodzi, chambo chimabweza ukonde? Agogo ankanena kuti mtsikana akasintha maganizo amabweza chikole kudzera mwa yemwe anabwera nacho, nkhani n'kuthera pomwepo popanda bwalo. Mng'ono wawo anabweza mikanda ya mnyamata wina atamva kuti ngwa mkono wautali.

Mkamwini wa ku Joni: Zimenezi zinandionekera. Ndinatumiza foni yatsopano kwa mayi a kunyumbawa tili pachibwenzi, ine n'kumati ndapereka chikole. Nditabwera pa Khirisimasi amalume awo anandiyang'ana ngati mlendo wofunsa njira. Akuti foni ndi mphatso ya chibwenzi, iwo sakuidziwa. Amalume anga anachita kukwera minibasi kukayamba nkhaniyo pachiyambi, atanyamula chitenje chimodzi. Chitenjecho ndiye chinawerengedwa, foni ayi.

Wa ku Mzimba: Si malowolo amenewa mukungowatchula dzina lina?

Mphunzitsi wopuma: Ayi bambo. Malowolo amakambirana akuluakulu, amapita kwa makolo, ndipo amakhudza kumene ana adzawerengedwe. Chikole n'cha mtsikana mwini, palibe amene amatchula mtengo wake. Koma mawu amene andidetsa nkhawa kwambiri m'uthenga wa anawa ndi enawo, akuti "chinkhoswe chatheka". M'tauni chinkhoswe chasanduka phwando lodikirira ukwati wa kutchalitchi, la holo, zovala zofanana ndi perekaniperekani. Kumudzi kwathu kuno kwa Achewa ankhoswe a mbali ziwiri akakhala pansi n'kugwirizana, banja lamangidwa, anthu atha kulowana. N'chifukwa chake a kuchimuna amapereka tambala, a kuchikazi msoti, ankhoswe n'kudyera limodzi nkhuku anthu akuona. Mwamuna amapatsidwa khasu ndi nkhwangwa, mkazi lichero, mthiko ndi chipande. Ankhoswewo ndi amene mudzawadzutse usiku zinthu zikadzavuta m'nyumba. Tsono wachikulire akawerenga kuti chinkhoswe chatheka, amamva kuti mwana wakwatiwa iye osaitanidwa. Akanalemba kuti "tatomerana" bwenzi phokoso lachepa.

Namwino wa usiku: Kutomera ine ndimadana nako kumva. Agogo anga anatomeredwa asanathe msinkhu, bambo wowatomerayo akubweretsa nsalu ndi sopo chaka ndi chaka mpaka anakula, mpata wokana panalibe. Bola lero lamulo la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 anakonzanso malamulo aakulu a dziko. Anawa asankhana okha ali akuluakulu, asiyeni akondwere.

Mphunzitsi wopuma: Zoona mayi, kutomera kwa mtundu umenewo kunalipo. Koma mawuwa amagwiranso kwa akuluakulu amene alonjezana.

Msodzi wa ku Chia: Mwaona? Nsalu ndi sopo zija zinali nyambo. Kukola komwe kuja.

Gogo wa pa foni ya mdzukulu: Ana a lero chilichonse n'kuthamanga. Ife tinkati mbeta silola tsiku limodzi, mnyamata amatha nsapato. Lero agwada pamchenga, wojambula ali kale pambali, ndiye kuti yankho analidziwa. Ndipo mawu ake! Wanga uyu akuti "agogo, bebi wanga wapanga propozi". Ndinayesa kuti pali khanda ladwala.

Mtsikana wa ku Ndirande: Agogo mwandiseketsa. Komabe tikalemba Chingerezi mumati tataya chikhalidwe, tikayesa Chichewa mumatidzudzula pagulu. Awiriwa anayesetsa, mawu akale anawafuna okha. Azakhali sakanaimba foni?

Mdzukulu wa ku Dedza: Pamenepo ndili nanu. Koma "propozi" ayi, chonde. Kufunsira kunalakwa chiyani?

Mtsikana wa ku Ndirande: Kufunsira ndi kuja amayamba nako mnyamata pofuna chibwenzi. Apa anthu akhala pachibwenzi zaka, ndiye afunsirenso chiyani?

Mkamwini wa ku Joni: Funso limeneli ndiye lovuta. Aphunzitsi, tiyankheni.

Msodzi wa ku Chia: Aphunzitsi agona. Mawu ake alipo kale, ndi kukola.

Wa banki m'khonde: Ine ndingofunsako, likadzakhalapo phwandolo nkhuku mwapeza kale? Ndili ndi atambala achikuda.