Batire lafufuma pa masabata atatu: vuto ndi langa kapena ndi chaja?

Yona wa ku Kapata: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Masabata atatu apitawo ndinaika batire latsopano m'foni ya mayi wina. Lero abwera nayo batire litafufuma mpaka kukankha chivundikiro, akufuna ndalama zawo. Akuti akaiika pa chaja sikirini imadzidina yokha, ndipo m'mbali mwa foni mumanyerenyetsa zala. Chaja yake ndi ija yopanda dzina, yolembedwa `5V 2A`. Ndibweze ndalama?

A Zulu, Katete: Usabweze iwe. Machaja amenewo amathira mavoti ambiri m'batire, ndiye limaphulika. Nkhani yatha.

Mayi Sakala: A Zulu, pang'ono chabe mwalasa. Chaja sithira moto m'batire mwachindunji. Pakati pali kachipu kotchajira ka pa bodi, kamene kamalandira mavoti 5 aja n'kumadyetsa batire mpaka pa 4.2 kapena 4.4, malinga ndi mtundu wake, kenako n'kuleka. Chimene chaja yotchipa imachita n'kuzunza kachipuko. Makapasita ake ndi aang'ono, moto umatuluka wosasefeka, ukukwera n'kutsika. Kachipu kamatentha, batire lili pafupi pomwepo nalo limatentha, ndipo batire likamatentha usiku uliwonse lili lodzaza limapanga mpweya mkati. Kufufuma ndi kumeneko. Sikirini yodzidina yokha ndi moto wakuda womwewo.

Koma Yona, ine chandiopsa si batire, ndi kunyerenyetsa kuja. Chaja uli nayo? Itsegule utiuze zimene ukuona.

Yona wa ku Kapata: Ndaiswa amayi. Muli kabodi kakang'ono, katiransifoma, makapasita awiri, ndi kachitsulo komata ndi guluu kosalumikizidwa paliponse.

Mayi Sakala: Kachitsuloko n'kongopusitsa dzanja kuti chaja imveke yolemera. N'chifukwa chake ndinasiya kuuza makasitomala kuti yolemera ndiye yabwino. Tsopano tembenuza bodi. Mbali imodzi ndi ya moto wa pakhoma, mavoti 230, amene akadutsa m'madayodi amafika pafupifupi 325 pa kapasita yaikulu. Mbali inayo ndi imene imapita ku foni, m'manja mwa munthu. Pakati pa mbali ziwirizi payenera kukhala mpata woonekeratu wa mamilimita angapo, ena amachita kudula kangalande pabodipo. Iwe ukuona wotani?

Yona wa ku Kapata: Chikhadabo chokha n'chimene chingalowe. Fyuzi sindikuionanso.

Mayi Sakala: Ndiye mayiwo athokoze kuti ndi batire lokha lafa. Mpata wotero, kukalowa chinyezi cha dzinja kapena kamphemvu, kapena magetsi akabwera mwamphamvu atazimazima, moto wa pakhoma umalumphira ku chingwe cha foni. Ndipo popanda fyuzi, chinthu chikashota mkati palibe chodula moto. Pulasitiki imasungunuka n'kuyaka, ndipo ambiri amatchaja foni ili pa matiresi.

A Tembo, Lundazi: Ine kuno ndimatchajira anthu pa sola, mafoni ambirimbiri tsiku lililonse, sindinaonepo moto. Vuto ndi magetsi anu a m'tauni.

Mayi Sakala: Ngati mukutenga pa batire la mavoti 12, 230 uja mulibe, n'zoona. Koma mukadutsa pa inivata n'kulowetsapo chaja yomweyi, ngozi ndi yomweyo, a Tembo.

A Zulu, Katete: Basi auzeni azigula yolembedwa CE. Ine ndimayang'ana chimenecho.

Mayi Sakala: CE ndi chizindikiro chimene wopanga mwini amaika ponena kuti katundu wake akukwaniritsa malamulo a ku Ulaya. Wakuba amangodinda, inki sidula. Yona, yako ilibe?

Yona wa ku Kapata: Ilipo, yaikulu bwino!

Mayi Sakala: Mwaona. Chizindikiro chimodzi pachokha sichinena kanthu. Ine ndimafuna zonse zikhalepo pamodzi: dzina la kampani, nambala ya modelo, `Input 100-240V`, `Output`, ndi kabokosi kokhala mkati mwa kabokosi kanzake, kosonyeza kuti moto watchingidwa kawiri. Zizindikiro za UL ndi TÜV n'zolemererako chifukwa amayesa ndi anthu apadera, osati wopangayo, ndipo pansi pa UL pamakhala nambala yoyamba ndi E imene ungathe kuifufuza. Komabe nazonso amakopera. Zilembo zofufutika ndi chala kapena mawu olakwika kalembedwe, ndimabweza.

Chosanama ndi mita. Ika kamita ka USB pakati, foni ili pafupi kutha moto. Ya `5V 2A` yeniyeni imakhala pakati pa mavoti 4.75 ndi 5.25 foni ikamakoka moto. Yabodza imagwa pansi pa pamenepo isanapereke n'komwe ampu imodzi.

A Zulu, Katete: Nanga batirelo Yona analigula kuti? Ineyo ena anandifufumira ali pa chaja yabwinobwino.

Yona wa ku Kapata: Eee akulu, linali lotchipa ndithu, sindikana. Ndawauza mayi aja kuti ndiika lina agule okha batire, ntchito ndichita ulere, chaja agule ina. Akuti akafunse kaye bambo a kunyumba. Lofufumali ndaliika m'chitini cha mchenga panja.