Gulu la Ana a Mangochi ku Joni: pepala la uphunzitsi lakanirira

Rashidi: Akuluakulu, ndithandizeni. Sukulu ina yomwe si ya boma kuno ku Mayfair yandilonjeza ntchito yophunzitsa masamu, koma akufuna nambala ya SACE mwezi uno usanathe. Dipuloma yanga ya uphunzitsi ndinaitumiza ku SAQA miyezi 3 yapitayo, mpaka lero zii. Nditani?

Che Bwanali: Iwe wafika liti kuno? Anzako tinayamba ndi kutsuka magalimoto, iwe ukufuna choko tsiku lomwelo.

Mai a Shakira: Musiyeni mwana, Che Bwanali, anavutikira sukulu yake. Achimwene, pepala la SAQA likangotuluka basi mwamaliza, ndi limene mabwana amafuna.

Aphunzitsi Mdala: Ayi achemwali, pamenepo mwalondola theka. SAQA ntchito yake ndi kuyeza pepala lathu la ku Malawi n'kunena kuti likufanana ndi mulingo uti wa kuno. Sapereka chilolezo choima kutsogolo kwa kalasi. Chimenecho amapereka ndi a SACE ku Centurion, ndipo salandira munthu wophunzira kunja popanda satifiketi ya SAQA. Pemiti yogwirira ntchito ndi nkhani inanso ya ku Home Affairs. Makomo atatu amenewo, lililonse ndi kiyi wake.

Jafali Welda: Kuli mkulu wina ku Pretoria, ukampatsa kangachepe pepala limatuluka sabata imodzi. Aliyense akudziwa.

Aphunzitsi Mdala: Rashidi, usayerekeze. Sukulu ikhoza kufunsa ku SAQA ngati satifiketiyo ndi yeniyeni, ndipo yabodza ikapezeka dzina lako laipa mpaka kale. Tandiuza, unatumiza chiyani?

Rashidi: Dipuloma, pasipoti ndi umboni woti ndalipira. Ndi thiransikiripiti ya chaka chomaliza.

Aphunzitsi Mdala: Apo ndiye pali vuto loyamba. Thiransikiripiti imafunika ya zaka zonse, yoonetsa maphunziro onse ndi magiredi ake, chifukwa mulingo amauyeza poona kutalika ndi kuzama kwa maphunzirowo. Ya chaka chimodzi sangaone kanthu. Chachiwiri, iwo sangokhulupirira pepala. Amafunsa kumene unaphunzira kuti atsimikize kuti unamalizadi, ndipo kukapanda yankho fayilo imangokhala. Ine zinandichitikira. Miyezi 5 ndikutukwana anthu osalakwa, osadziwa kuti kalatayo inangokhala mu imelo ya koleji yathu, wosaitsegula. Mng'ono wanga anakwera minibasi pa Mangochi Boma, n'kukakhala pabenchi ya kwa rejisitala masiku awiri mpaka anayankha iye akuona. Tsegula akaunti yako ya SAQA, uonenso imelo mpaka ku Spam. Akasowa chinthu amalemba, ndipo anthu ambiri sawerenga.

Sisita Asiyatu: Bola inu aphunzitsi. Ife anamwino timayamba ndi kalata yovomereza ya ku unduna wa zaumoyo wa kuno, kenako SAQA, kenako bungwe la anamwino la SANC, n'kulembanso mayeso. Ndinabereketsa amayi zaka 8 kwathu, lero ndikusamalira gogo mmodzi ku Randburg.

Che Bwanali: Zaka 8! Amayi inu. Ine ndikangomva za kwathu ndimaona utsi wa chambo chowamba pa Makawa. Kuno nsomba imakoma ngati katoni.

Mai a Shakira: Musayambe, ndilira. Alipo akupita kumudzi sabata ino anditengere usipa?

Rashidi: Aphunzitsi, ndaipeza ku Spam! Analemba mwezi watha. Akufuna thiransikiripiti yonse, komanso akuti dzina la pa dipuloma likusiyana ndi la pa pasipoti. Kusukulu ndinkalembera dzina la amalume amene anandilera ku Namwera, pasipoti ndinatengera la bambo.

Aphunzitsi Mdala: Matenda athu a ku Mangochi amenewo. Pita kupolisi ukalumbire afidaviti yonena kuti maina awiriwo ndi munthu mmodzi, siilipiritsidwa. Koma usadalire iyo yokha. Amene akukatenga thiransikiripitiyo apemphenso kalata ya koleji yotchula maina onse awiri ndi nambala yako ya sukulu.

Jafali Welda: Akatengeretu pepala la zala kupolisi, loonetsa kuti alibe mlandu, lero lomwe.

Aphunzitsi Mdala: Adikire kaye. SACE imafuna pepala la polisi losapitirira miyezi 6. Ukalitenga msanga SAQA n'kuchedwa, limatha mphamvu, ulipiranso kachiwiri.

Sisita Asiyatu: Koma nalonso limachedwa kutuluka, aphunzitsi. Ine ndikanayamba pano.

Rashidi: Ndiye mwezi uno sizitheka. Ahedi aja ndikawauze chiyani?

Aphunzitsi Mdala: Zoona zake. Atengere imelo ya SAQA ija aione ndi maso awo, upemphe akusungire malo mpaka temu ikubwerayi. Koma pemiti yako ndi yamtundu wanji? SACE ikafunsanso imeneyo.

Che Bwanali: Eee, wangoti zii mnyamata.

Mai a Shakira: Za usipa zija palibe wandiyankha.