Ndithandizeni kumasulira ndondomeko ya bizinesi ya mchemwali wanga

Abale anga, mchemwali wanga akufuna ngongole yogulira chigayo. Analemba chidule cha ndondomeko yake m'Chichewa, ine ndikuchimasulira m'Chingerezi kuti akapereke kwa mkulu woona za ngongole ku banki Lachisanu.

Pandivuta ndi pa mawu oti “phindu”. Iye analemba kuti phindu lidzakhala K900,000 pamwezi. Nditamufunsa, ndinapeza kuti imeneyi ndi ndalama yonse yomwe ogayitsa adzalipire, asanachotse K350,000 ya magetsi, malipiro a mnyamata ndi zokonzetsera. Yotsala ndi K550,000. Ndikamasulira momwe analembera, a banki adzaganiza kuti K900,000 yonse ndi yotsala m'thumba, ndipo akawerengetsa okha adzati tikunama. Kodi womasulira ali ndi ufulu wokonza zimenezi, kapena iye ayambe wakonza Chichewa chakecho?

Chinanso, analemba kuti ogayitsa “adzachuluka ikatha nyengo yokolola” osatchula mwezi kapena nambala. Sindikufuna kuikapo nambala yanga, chifukwa akafunsidwa adzayankha ndi iyeyo. Amene munachitapo zotere, munazilemba bwanji? Komanso, a banki amafuna Chichewacho chiperekedwe limodzi?