Mneni wofotokozera zimene ena analemba: "shows", "argues" kapena "claims"?

Mayi Nachuma, Luchenza

Anzanga a m'gulu lino, ndikupempha nzeru zanu pa chaputala chachiwiri cha kafukufuku wanga, chija timaunikamo zimene ena analemba kale. Mutu wanga ndi wa feteleza wa makuponi ndi ulimi wa chimanga kuno ku Thyolo. A supavaiza andibwezera chaputalacho atazunguliza aneni awiri ndi cholembera chofiira, ndipo m'mbali alemba funso limodzi lokha, lakuti kodi ndaweruza kale mlandu umboni usanamvedwe. Ziganizo zake ndi izi: "Denning et al. (2009) show that the subsidy raised maize production" komanso "Ricker-Gilbert, Jayne and Chirwa (2011) claim that subsidised fertiliser crowds out commercial purchases". Ine ndinasintha mneni m'chiganizo chachiwiri pongofuna kupewa kubwereza liwu limodzi, ndiye sindikuona pamene ndaweruzira mlandu.

Bambo Muhome, Chitakale

Mayi, vuto limeneli linandigwerapo, ndipo ine ndinalithetsa mwachidule. Ndinachotsa "shows" ndi "claims" paliponse n'kuikapo "suggests", chifukwa ndi liwu lofatsa limene silikangana ndi munthu. Wophunzira ngati ife safunika kuyankhula mwamphamvu pa ntchito ya akatswiri amene anatha zaka zambiri akufufuza, ndipo chiyambireni kuchita zimenezi palibe amene wandibwezerapo pepala chifukwa cha mneni.

Mayi Mulekano, Bvumbwe

Bambo Muhome akunena zoona kuti "shows" ndi liwu lolemera, koma mankhwala awo ndikuwakayikira, ndipo ndifotokoza chifukwa chake ndikayankha funso la mayi Nachuma.

Mayi, mlandu mwauweruzadi, ngakhale simunafune kutero. Mukalemba kuti wakuti "shows" chinthu, simukungonena zimene iye ananena, koma inunso mukusainira kuti chinthucho n'choona. Mukalemba kuti wakuti "claims" chinthu, mukuuza wowerenga kuti munthuyo wangonena pakamwa ndipo inu mwaima patali. M'Chichewa chathu zimenezi timazimva popanda wotiphunzitsa. Munthu wochokera kubwalo la amfumu akanena kuti uje wasonyeza kuti malire a munda ali pa mtengo wa mango, tonse timadziwa kuti wofotokozayo wakhutira. Akanena kuti uje akuti malire ali pa mtengo wa mango, n'kukokera pang'ono mawu akuti "akuti" aja, timadziwa kuti mumtima mwake akuseka. Ziganizo zanu ziwirizo zikutero: pepala loyamba mwalipatsa munda, lachiwiri mwalikokera "akuti".

Pali njira yachidule imene ndimayesera mneni aliyense. Kumapeto kwa chiganizo chanu onjezerani m'maganizo mawu akuti koma zimenezi si zoona, kenaka mumvetsere ngati chiganizocho chikudzitsutsa. Kunena kuti wakuti wasonyeza kuti zokolola zinakwera koma si zoona, n'kudziluma lilime, choncho "show", "demonstrate", "establish" ndi "point out" ndi aneni amene amakumangirirani ku mfundoyo. Kunena kuti wakuti "argues" kuti zokolola zinakwera koma si zoona, kulibe vuto lililonse, choncho "argue" amakusiyani omasuka kudzavomereza kapena kudzatsutsa m'ndime yotsatira. Kusiyana kumeneku si kwa ine ayi, akatswiri a za chiyankhulo Thompson ndi Ye anakulongosola m'chaka cha 1991, ndipo Ken Hyland anakupititsa patsogolo m'chaka cha 1999.

Bambo Namaona, Muloza

Ine ndikuganiza kuti a supavaizawo akudandaula za nthawi ya mneni. Buku la malamulo a kalembedwe ka kafukufuku la APA limalangiza kuti pofotokoza zimene ena anapeza tizigwiritsa ntchito nthawi yakale, ndiye mukanalemba "showed" ndi "claimed". Ine anandibwezera chaputala chonse pa chifukwa chimenechi, ndipo ndinatha masiku atatu ndikusintha mapeto a aneni.

Mayi Nachuma, Luchenza

Zikomo bambo Namaona, za nthawizo ndiziona ngati sukulu yathu ikutsata APA, koma funso la a supavaiza likunena za kuweruza mlandu, ndipo "claimed" akuweruzabe chimodzimodzi ndi "claim". Mayi Mulekano, ndamva kulakwa kwanga, koma tsopano ndilembe chiyani m'malo mwake? Ndikaika "argue" pa mapepala onse awiri, kodi sindiye kuti ndawalinganiza?

Mayi Mulekano, Bvumbwe

Mukhala mwawalinganiza, koma mwawanamizira onse awiri mofanana. Mneni asachokere pa mndandanda wa mawu ofanana matanthauzo, koma achokere pa zimene olembawo anachita kwenikweni, ndipo kuti mudziwe zimenezo muyenera kubwerera ku gawo la njira zofufuzira la pepala lililonse, osati kudalira chidule cha pamwamba chokha.

Tiyambe ndi pepala la 2011 lija, la Ricker-Gilbert, Jayne ndi malemu Ephraim Chirwa. Iwo anatenga ziwerengero za mabanja a alimi a m'Malawi muno n'kuziwerengera ndi masamu a zachuma, ndipo anapeza kuti kilogalamu imodzi ya feteleza wa makuponi imachepetsa feteleza amene mlimi akanagula yekha pamsika ndi makilogalamu 0.22. Pa thumba la makilogalamu 50, ndiye kuti makilogalamu 11 akungolowa m'malo mwa feteleza amene akanagulidwa ndi kale lomwe. Kwa alimi osaukitsitsa chiwerengerocho chinali 0.18, ndipo kwa opezako bwino chinali 0.30. Anthu amene achita ntchito yotere sanangonena pakamwa, choncho "claim" akuwachepetsa. Komanso palibe amene anayeza 0.22 pa sikelo, ndi chiwerengero chotuluka m'masamu amene amadalira zinthu zina zimene olembawo anaziyesa zoona poyambira, choncho "show" akuwakweza mopitirira. Mneni wowakwanira ndi "estimate", ndipo chiganizo chanu chitchule chiwerengerocho, chifukwa "estimate" wopanda nambala ali ngati dengu lopanda kanthu.

M'pepala lomwelo muli mfundo yachiwiri, yakuti kupereka makuponi kwa osauka ndiko kungachulukitse feteleza yense wogwiritsidwa ntchito m'dziko. Imeneyi sanaiwerengere mwachindunji, koma aichotsa pa kusiyana kwa 0.18 ndi 0.30 kuja, ndiye apa m'pamene "argue" kapena "conclude" akuyenera. Mukuona kuti pepala limodzi lafuna aneni awiri osiyana, popeza olemba amachita zinthu zingapo m'pepala limodzi: amayeza, amatanthauzira, kenaka amalangiza.

Pepala la Denning ndi anzake nalonso muligawe chomwecho. Kuti zokolola za chimanga zinakwera pambuyo pa kuyamba kwa pulogalamu ya makuponi mu 2005/06 ndi ziwerengero zimene iwo akupereka, ndipo mneni wake ndi "report". Kuti makuponi ndiwo anakweza zokololazo ndi nkhani ina, chifukwa tonse tikukumbukira kuti nyengo ya 2004/05 kunali ng'amba imene inabweretsa njala, ndipo nyengo yotsatirayo mvula inagwa bwino. Makuponi ndi mvula zinafika limodzi, ndipo ziwerengero za dziko lonse pazokha sizingalekanitse gawo la chimodzi ndi la chinzake. Mukalemba "show" pamenepo, mwatsimikizira wowerenga kuti kulekanitsako kunachitika ndipo inu mwakhutira nako. Lembani "attribute" kapena "argue", kenaka m'chiganizo chanuchanu munene za mvulayo.

Bambo Muhome, Chitakale

Ndamva, mayi, koma simunandiyankhe. Pa ziganizo zonse mwatchulazi, ndi chiti chimene "suggests" akanachiwononga? Ine ndikuona kuti akanalowa paliponse popanda kunama.

Mayi Mulekano, Bvumbwe

Akanalowa paliponse, bambo, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Mukalemba kuti a Ricker-Gilbert ndi anzawo "suggest" kuti chiwerengero ndi 0.22, mwawaveka kukayika kumene iwo analibe, ndipo wowerenga sangathenso kusiyanitsa chimene chinawerengedwa kuchokera ku mabanja ambiri ndi chimene wina anangochiganizira m'ndime yomaliza. Chaputala chachiwiri ntchito yake ndi kusonyeza pamene umboni uli wolimba ndi pamene uli wofooka, kuti mpata wa kafukufuku wanu uoneke. Chilichonse chikakhala "suggests", mpatawo sukuonekanso. Kuonjezera apo, liwuli lili ndi nkhope ziwiri: zotsatira zikakhala mwininkhani wa chiganizo limatanthauza kuti umboni ukuloza kwinakwake koma sunafike, pamene munthu akakhala mwininkhani lingamveke ngati akupereka langizo. Ngati n'langizo, lembani "recommend" kuti wowerenga asavutike kulota.

Bambo Likoswe, Thyolo Boma

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, koma pali malo amodzi pamene ndikusiyana ndi mayi Mulekano, ndipo ndikuganiza kuti mpofunika. Iwo akuti mneni achokere pa zimene olemba anachita. Nanga olembawo akalemba okha m'pepala lawo kuti "we show", ine n'kuwerenga n'kupeza kuti umboni wawo sukukwana, ndichite chiyani? Ndikalemba "argue", ndasintha mawu awo mwakachetechete, ndipo wowerenga sadziwa kuti iwo anayankhula motsimikiza kuposa pamenepo. Ine ndimaona kuti pamalo otere "claim to show" ndi mawu oona mtima kwambiri, malinga ngati chiganizo chotsatira chikupereka chifukwa changa chokayikira. Cholakwa cha mayi Nachuma sichinali kulemba "claim" pakokha, koma kumulemba popanda kufuna kutsutsa ndiponso popanda chifukwa chotsatirapo.

Ndionjezere kuti kulemera kwa aneniwa kumasiyana ndi maphunziro. Hyland yemwe uja anapeza kuti olemba za filosofi ndi za chikhalidwe cha anthu amakonda aneni onga "argue", pamene a sayansi ndi uinjiniya amakonda onga "report" ndi "show". Mnzanga wa zamalamulo amalemba "claims" popanda kunyoza aliyense, chifukwa kwa iye ndi liwu wamba la zimene mbali imodzi yabweretsa kubwalo.

Mayi Mulekano, Bvumbwe

Pa zakuti "claim" amafuna chifukwa pambuyo pake, tili limodzi. Koma "claim to show" ine ndimamuopa m'pepala la wophunzira, popeza woyesa mayeso angakhale mnzake wa olemba amene mukuwakayikirawo, ndipo mawuwo amaluma asanafike pa chifukwa chanu. Ine ndimakonda "conclude", amene amasunga kutsimikiza kwa olembawo popanda kundimangirira ine, kenaka kutsutsa kwanga ndimakuika poyera m'chiganizo chake, m'malo mokubisa mumneni.

Bambo Likoswe, Thyolo Boma

Ndiye kuti mneniyo mukumusankha poyang'ana woyesa mayeso, osati pepala, zimene zikusemphana ndi zimene munatiuza poyamba. Ine ndikhalabe ndi "claim to show" pamene ndili ndi chifukwa chogwirika.

Mayi Nachuma, Luchenza

Ndasintha ziganizo ziwiri zija kukhala zinayi, ndipo aneni ake ndi "report" ndi "attribute" kwa a Denning, "estimate" ndi "conclude" kwa a Ricker-Gilbert, ndi chiganizo changa cha mvula pakati pawo. Nditafufuza chaputala chonse pa kompyuta ndapeza "show" m'malo 14, ndipo atatu mwa malowo ndi a mapepala amene ndinangowerenga chidule chake, choncho ndiyamba ndawafunafuna athunthu ndisanasankhe mneni. Bambo Likoswe, pali pepala limodzi limene ndikulikayikiradi, ndipo ndidzabweretsa chiganizo chake muno Loweruka kuti inu ndi mayi Mulekano mudzachione.